Kuwerengera nayitrojeni amene ali m'thumba la feteleza la makilogalamu 50

Thumba la feteleza lolemera makilogalamu 50 silikhala ndi makilogalamu 50 a chakudya cha mbewu. Ngakhale yureya, amene amaposa feteleza wina aliyense wa mibulu pa kuchuluka kwa nayitrojeni, amangokhala ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni m'thumba lonselo. Matumba ena amakhala ndi 13 ndi theka, ena 9, ena sakwana n'komwe 4. Onsewo akaikidwa pa sikelo amalemera mofanana, ndipo wonyamula amatuluka thukuta mofanana. Chifukwa chake n'chakuti mbewu siidya kulemera kwa thumba, imadya zimene zili m'katimo, ndipo zimenezo zimadziwika ndi manambala olembedwa pathumbapo. Mlimi amene amatha kusandutsa manambalawo kukhala makilogalamu sapusitsika ndi kukula kwa thumba, ndipo akasowa mtundu wa feteleza umene anazolowera amadziwa mlingo wa mtundu wina wolowa m'malo mwake.

Zimene manambala a pathumba akunena

Yambani ndi kuyang'ana kutsogolo kwa thumba. Kawirikawiri pamakhala manambala atatu olekanitsidwa ndi timizere kapena timadontho tiwiri, monga 15-15-15, 18-46-0 kapena 23:21:0+4S. Dongosolo lake silisintha kulikonse kumene mungapite. Nambala yoyamba ndi ya nayitrojeni, amene chizindikiro chake ndi N. Yachiwiri ndi ya fosiforasi, P, ndipo yachitatu ndi ya potaziyamu, K. Ndiye chifukwa chake feteleza wosakaniza amatchedwa NPK. Ngati pali china choonjezera chimalembedwa kumapeto pamodzi ndi chilembo chake, monga 4S amene akuimira salufa kapena Zn amene akuimira zinki. Pa ntchito yathuyi tikufuna nambala yoyamba yokha. Zinazo zisakusokonezeni, ngakhale zitakhala zazikulu kuposa yoyambayo.

Nambala iliyonse ndi peresenti ya kulemera. Tinene kuti mwathira makilogalamu 100 a fetelezayo pa sikelo. Ngati nambala yoyamba ndi 15, ndiye kuti mwa makilogalamu 100 amenewo, 15 ndi nayitrojeni. Ngati ndi 46, ndiye kuti 46 mwa 100 ndi nayitrojeni. Palibenso chinsinsi china. Zilibe kanthu kuti feteleza ali m'thumba lalikulu kapena m'kapaketi, gawo la nayitrojeni limakhala lomwelo, chimene chimasintha ndi kulemera kumene mukuchotsapo gawolo.

Matumba a feteleza wa nayitrojeni yekha nthawi zina salembedwa manambala atatu. Pa yureya mumangoona 46% N, ndipo ena amalemba 46-0-0, zomwe ndi chinthu chimodzi. Pa CAN mumaona 27% N, ngakhale kuti ena amapanga wa 26 ndipo ena wa 28. Apa pali chenjezo loyamba: musawerengere ndi nambala imene mukuikumbukira, werengerani ndi imene yalembedwa pathumba lomwe lili patsogolo panu. Dzina la feteleza likhoza kukhala lomwelo koma peresenti n'kusiyana pang'ono malinga ndi kumene anapangidwira.

Kawerengedwe kake

Mukufunika manambala awiri okha, kulemera kwa feteleza ndi peresenti ya nayitrojeni. Chulukitsani awiriwo, kenako mugawe ndi 100.

```
N (kg) = kulemera (kg) × peresenti ya N ÷ 100
```

Tiyese ndi yureya. Kulemera ndi 50, peresenti ndi 46. Tikachulukitsa 50 ndi 46 tipeza 2,300, ndipo tikagawa 2,300 ndi 100 tipeza 23. Choncho m'thumba la yureya muli makilogalamu 23 a nayitrojeni.

Koma thumba la makilogalamu 50 lili ndi njira yachidule imene sifuna cholembera. Peresenti imanena za makilogalamu 100, ndipo 50 ndi theka la 100. Ndiye ingodulani nambala yoyamba pakati. Theka la 46 ndi 23. Theka la 27 ndi 13.5, ndiwo makilogalamu a nayitrojeni m'thumba la CAN. Amoniyamu salufeti amakhala ndi 21 peresenti, choncho thumba lake lili ndi makilogalamu 10.5. DAP amalembedwa 18-46-0, ndipo theka la 18 ndi 9. Pa 23:21:0+4S tipeza 11.5, pa 15-15-15 tipeza 7.5. Mukhoza kuwerenga zimenezi mutaimirira pafupi ndi mulu wa matumba, musanagule n'komwe.

Njira yachiduleyi imagwira pa makilogalamu 50 pokha. Thumba likakhala la makilogalamu 25, mumadula pakati kawiri, ndipo yureya wa makilogalamu 25 amapereka 11.5. Likakhala la makilogalamu 10, mumagawa peresenti ndi 10 n'kupeza 4.6. Pa kulemera kwina kulikonse, bwererani ku njira yaitali ija yochulukitsa ndi kugawa, chifukwa imeneyo siiphonya.

Taonaninso DAP uja. Pathumba pake pali 46, nambala yofanana ndi ya yureya, ndipo anthu ambiri diso likangogwera pa 46 amaganiza kuti apeza feteleza wamphamvu wobereketsera. Koma 46 ameneyu ali pamalo achiwiri, ndiye kuti ndi wa fosiforasi. Nayitrojeni wake ndi 18 chabe. Munthu wothira thumba la DAP akuganiza kuti wathira makilogalamu 23 a nayitrojeni amakhala atathira 9, osakwana ndi theka lomwe. Malo amene nambala yakhala ndi ofunika kuposa kukula kwake.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati mwasokoneza masamu. Pa feteleza wa mibulu amene alimi amagwiritsa ntchito, palibe woposa yureya pa nayitrojeni. Choncho yankho lililonse loposa makilogalamu 23 pa thumba la makilogalamu 50 ndi lolakwika. Mukapeza 46, mwaiwala kudula pakati. Mukapeza 230 kapena 2.3 pa yureya, kadontho kakhala pamalo olakwika.

Nanga makilogalamu otsalawo ndi chiyani?

Funso limeneli limavutitsa anthu ambiri akangomva koyamba kuti m'thumba la yureya muli makilogalamu 23 okha a nayitrojeni. Ena amafika poganiza kuti makilogalamu 27 enawo ndi mchenga kapena zinyalala zoonjezera kulemera. Si choncho ayi. Nayitrojeni payekha ndi mpweya, ndipo ndiye wochuluka kwambiri mu mpweya umene timapuma, pafupifupi 78 peresenti. Sangaikidwe m'thumba ali yekha, ndipo mbewu zambiri sizingamutenge mwachindunji mumlengalenga. Kuti akhale mibulu yogwirika, amayenera kumangidwa pamodzi ndi zinthu zina. Mu yureya amamangidwa ndi kaboni, okosijeni ndi hayidirojeni, ndipo kalembedwe kake ndi CO(NH₂)₂. Pa magawo 60 a kulemera kwa yureya, 28 ndi nayitrojeni. Mukagawa 28 ndi 60 mupeza pafupifupi 46.7 peresenti, ndipo apa ndi pamene pamachokera 46 wa pathumba uja. Yureya sangapitirire pamenepo ngakhale atayeretsedwa bwanji.

Pa CAN nkhani yake ndi yosiyanako. Muli amoniyamu nayitireti, amene payekha amakhala ndi nayitrojeni pafupifupi 34 peresenti, ndipo amasakanizidwa ndi laimu. Laimuyo ndiye amatsitsa peresenti kufika pa 27, koma sikuti ndi wachabe, chifukwa amachepetsako kuwawasa kumene feteleza wa nayitrojeni amabweretsa m'nthaka. Pa amoniyamu salufeti, gawo lalikulu la zotsalazo ndi salufeti, ndipo salufa wake, amene ndi pafupifupi 24 peresenti, ndi chakudya china cha mbewu. Pa feteleza wa NPK zotsalazo ndi zakudya zinazo pamodzi ndi zinthu zimene zazinyamula, ndipo nthawi zina pamakhaladi zodzazira kuti mlingo ukwane bwino.

Ndinenepo pang'ono za manambala awiri enawo, poti mungafune kuwadula pakati monga tachitira ndi yoyamba. Mukhoza kutero, koma dziwani kuti pa kalembedwe kofala nambala yachiwiri imanena za P₂O₅ ndipo yachitatu za K₂O, kutanthauza kulemera kwa fosiforasi ndi potaziyamu pamodzi ndi okosijeni, osati fosiforasi kapena potaziyamu weniweni. Kuti mupeze fosiforasi weniweni mumachulukitsa ndi 0.44, ndipo pa potaziyamu ndi 0.83. Nayitrojeni alibe vuto limeneli. Nambala yake imanena za N weniweni, ndiye palibe chosinthanso.

Zolemba ziwiri zimene zimasocheretsa

Matumba ena, makamaka kumbuyo kapena m'mbali, amasonyeza nayitrojeni atagawidwa m'mitundu yake. Pa CAN wa 27 mukhoza kuona mizere itatu: nayitrojeni yense 27 peresenti, wa mtundu wa amoniyamu 13.5 peresenti, wa mtundu wa nayitireti 13.5 peresenti. Mizere iwiri yapansiyo ikungofotokoza mmene 27 uja wagawikira. Osaiphatikiza ndi wapamwamba. Wophatikiza yonse itatu amapeza 54 peresenti, n'kuganiza kuti thumba lili ndi makilogalamu 27, pamene lili ndi 13.5. Muyeso uja wa makilogalamu 23 ungamugwire msanga munthu wotere.

Kalembedwe kachiwiri ndi kovutirapo, ndipo n'kofunika kukhalapo kanthawi. Ku South Africa feteleza wosakaniza amalembedwa motere: 2:3:2 (22) kapena 3:2:1 (25). Apa manambala atatu oyambawo si maperesenti. Akungonena mmene zakudya zitatuzo zagawanirana. Peresenti yeniyeni ndi imene ili m'mabulaketi, ndipo ndi ya zakudya zonse zitatu pamodzi. Mungazindikire kalembedwe kameneka mosavuta, chifukwa manambala atatuwo amakhala aang'onoang'ono ndipo pambuyo pake pamabwera nambala yokulirapo m'mabulaketi.

Titenge 2:3:2 (22). Choyamba phatikizani magawo onse: 2 ndi 3 ndi 2 ndi 7. Nayitrojeni watenga magawo awiri mwa asanu ndi awiriwo. Ndiye gawani 22 ndi 7, mupeza pafupifupi 3.14 pa gawo lililonse, ndipo muchulukitse ndi 2 kuti mupeze 6.3 peresenti. Tsopano mwapeza peresenti ya nayitrojeni, ndipo mukhoza kuidula pakati monga mwa nthawi zonse. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 3.1 a nayitrojeni.

```
peresenti ya N = 2 ÷ (2 + 3 + 2) × 22 = 6.3
N m'thumba = 50 × 6.3 ÷ 100 = 3.1 kg
```

Munthu wosadziwa kalembedweka amalakwa m'njira ziwiri. Akadula 2 pakati amapeza kilogalamu imodzi, yomwe ndi yochepa kwambiri. Akadula 22 pakati amapeza 11, yomwe yaposa chilungamo katatu ndi theka, ndipo kulakwitsa kwachiwiriku ndiye koopsa chifukwa kumamuchititsa kuchepetsa feteleza wobereketsa poganiza kuti mbewu yadya kale. Yesani nokha 3:2:1 (25). Magawo onse ndi 6, nayitrojeni watenga atatu, lomwe ndi theka, choncho peresenti yake ndi 12.5 ndipo thumba lili ndi makilogalamu 6.25.

Kuchoka pa thumba kufika m'munda

Kudziwa kuti thumba lili ndi makilogalamu 23 kumayamba kupindulitsa mukakuyerekeza ndi zimene munda ukufuna. Malangizo a ulimi ndi zotsatira za kuyeza nthaka kawirikawiri zimanena makilogalamu a nayitrojeni pa hekitala, osati matumba. Amatero dala, chifukwa sadziwa mtundu wa feteleza umene mudzaupeze. Ntchito yosandutsa makilogalamuwo kukhala matumba ndi yanu.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongophunzirira, mlingo weniweni wa munda wanu muutenge kwa alangizi kapena pa zotsatira za nthaka yanu. Tinene kuti munda wa chimanga ndi wa mahekitala 0.6, ndipo malangizo akuti pa hekitala pakufunika makilogalamu 90 a nayitrojeni pa nyengo yonse.

Choyamba pezani zimene munda wonse ukufuna. Chulukitsani 90 ndi 0.6, mupeza makilogalamu 54. Ngati munda wanu mumauyeza m'maekala, samalani pano, chifukwa ekala ndi pafupifupi mahekitala 0.4 ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Munda wa m'chitsanzochi ndi pafupifupi ekala imodzi ndi theka. Wosokoneza ekala ndi hekitala amathira feteleza wochuluka kawiri ndi theka kuposa woyenera, kapena wochepa ndi mlingo womwewo, ndipo masamu ena onse ngakhale atalondola bwanji sangakonze zimenezo.

Chachiwiri chotsani nayitrojeni amene wabwera kale ndi feteleza wokulitsa. Sitepe imeneyi ndi imene ambiri amaidumpha, chifukwa m'maganizo mwawo wokulitsa ndi wa fosiforasi ndipo wobereketsa ndiye wa nayitrojeni. Koma mbewu siisiyanitsa kuti nayitrojeni wachokera m'thumba liti. Tinene kuti pobzala munathira matumba awiri a 15-15-15. Thumba lililonse lili ndi makilogalamu 7.5, ndiye awiriwo apereka 15. Pa 54 tikachotsa 15 patsala makilogalamu 39, ndipo amenewa ndiwo ayenera kubwera ndi wobereketsa.

Chachitatu gawani zotsalazo ndi nayitrojeni wa m'thumba limodzi la feteleza amene muli naye.

```
matumba = N wofunika (kg) ÷ N wa m'thumba limodzi (kg)
```

Ngati ndi yureya, 39 kugawa ndi 23 ndi pafupifupi 1.7. Kuti 1.7 ameneyu akhale chinthu choyezeka pa sikelo, muchulukitseni ndi 50, mupeza makilogalamu 85 a yureya. Ndiye kuti thumba limodzi lathunthu ndi makilogalamu 35 a lachiwiri, ndipo makilogalamu 15 atsala. Tsimikizani pobwerera m'mbuyo: 85 kuchulukitsa ndi 46, kugawa ndi 100, ndi 39.1. Zagwirizana.

Tsopano tinene kuti yureya wasowa ndipo mwapeza CAN wa 27. Gawani 39 ndi 13.5, mupeza pafupifupi 2.9, kutanthauza makilogalamu 144 kapena 145, pafupifupi matumba atatu. Taonani kusiyana kwake. Ntchito imene yureya amaigwira ndi makilogalamu 85, CAN amaigwira ndi 144. Mlimi amene angangosintha thumba ndi thumba, n'kuthira makilogalamu 85 a CAN, wapereka makilogalamu 23 okha a nayitrojeni m'malo mwa 39. Munda wonse walandira 38 m'malo mwa 54, ndipo waperewera ndi makilogalamu 16. Chomvetsa chisoni n'chakuti iye amakhala ndi mtima wokhazikika kuti wathira mlingo wa chaka chilichonse, ndipo chimanga chikayamba kufooka amadandaula mvula kapena mbewu, mwinanso kunena kuti feteleza anali wachinyengo, pamene vuto linali pa masamu.

Kulakwitsa kotembenuza nakonso kumachitika. Wozolowera matumba atatu a CAN akathira matumba atatu a yureya wapereka makilogalamu 69 pamene pamafunika 39. Kuonjeza kotere kumawononga ndalama, kumatha kuwaula mbewu yaing'ono ngati mibulu yayandikira phesi, ndipo kumakulitsa masamba ndi mapesi ofewa amene amagwa ndi mphepo.

N'chifukwa chake ndimaona kuti ndi bwino kusunga m'mutu kuyerekeza kumodzi: thumba limodzi la yureya likufanana ndi matumba 1.7 a CAN wa 27, kapena matumba 2.2 a amoniyamu salufeti. Kuyerekeza komweku kumathandiza pogula. Musafanizire mitengo ya matumba, gawani mtengo wa thumba ndi makilogalamu a nayitrojeni amene ali m'katimo, ndipo mufanizire mtengo wa kilogalamu imodzi ya nayitrojeni. Thumba looneka lotsika mtengo likhoza kukhala lodula mukaliwerengera motere, osaiwalanso kuti matumba ambiri amatanthauza katundu wambiri wonyamula. Kuyerekezaku kumagwira bwino pa feteleza wa nayitrojeni yekha. Pa NPK kapena DAP mukugulanso fosiforasi ndi potaziyamu, choncho sikungakhale chilungamo kuika mtengo wonse pa nayitrojeni.

Kufika pa phando limodzi

Makilogalamu 85 a yureya aja ayenera kugawidwa mofanana m'munda wonse, apo ayi mizere yoyamba idya kwambiri ndipo yomaliza isowa. Tinene kuti mizere yatalikirana masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Phando lililonse likutenga malo a 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, omwe ndi masikweya mita 0.1875. Hekitala ili ndi masikweya mita 10,000, ndiye pa hekitala pali mapando pafupifupi 53,333, ndipo pa mahekitala 0.6 pali 32,000. Makilogalamu 85 ndi magalamu 85,000. Tikagawa ndi 32,000 tipeza magalamu pafupifupi 2.7 pa phando. Akanakhala CAN, magalamu 144,000 kugawa ndi 32,000 ndi 4.5 pa phando.

Magalamu 2.7 ndi ochepa zedi m'dzanja, ndipo palibe amene angayeze phando lililonse pa sikelo. Chochita ndi kuyesa kachoyezera kamene muzigwiritsa ntchito, kaya ndi kakapu kothirira feteleza kapena kasupuni. Katungeni ka 20, mosefukira n'kupalapo ndi chala kuti pakhale pathyathyathya nthawi iliyonse, thirani zonsezo pa sikelo ya magalamu, ndipo mugawe kulemerako ndi 20. Ngati mukufuna magalamu 2.7, maulendo 20 amenewo ayenera kulemera pafupifupi magalamu 54. Akalemera 80, kachoyezerako kakula ndipo feteleza adzatha munda usanathe. Chitani zimenezi pa mtundu uliwonse wa feteleza paokha, chifukwa yureya ndi wopepuka kuposa CAN, ndipo kakapu kamodzi sikanyamula magalamu ofanana a mitundu iwiriyi. Peresenti ya pathumba imanena za kulemera, osati za kudzaza kwa chiwiya.

Pamene thumba silikugwirizana ndi zolembedwa

Masamu onsewa aima pa zinthu ziwiri, kuti thumba likulemeradi makilogalamu 50 ndi kuti zili m'katimo ndi zimene zalembedwa kunja. Choyambacho mungachitsimikize ndi sikelo. Thumba la yureya lolemera makilogalamu 47 lili ndi makilogalamu 21.6 a nayitrojeni, osati 23. Pa thumba limodzi kusiyanako n'kochepa, koma pa matumba khumi mwataya pafupifupi makilogalamu 14 a nayitrojeni, oposa theka la amene amakhala m'thumba lathunthu. Yang'ananinso msoko wa pakamwa pa thumba ndi pulasitiki wa m'kati. Msoko wosokedwa kawiri kapena pulasitiki wong'ambika ndi chizindikiro chakuti thumbalo linatsegulidwapo.

Chinyezi chimasokoneza mwanjira ina. Yureya ndi CAN amakoka madzi a mumpweya akasiyidwa pamtunda, ndipo amanyowa kenako n'kuumbana miyala. Madzi amaonjezera kulemera koma saonjezera nayitrojeni. Thumba la yureya lonyowa likhoza kulemera makilogalamu 52 koma nayitrojeni wake sangapose 23, ndipo ngati madzi osungunula feteleza anadontha pansi, ndiye kuti wachepa. Choncho mukamayeza feteleza wonyowa pa sikelo, kilogalamu iliyonse ili ndi nayitrojeni wochepa kuposa zimene peresenti ikunena. Wongoumbana koma wouma, amene thumba lake silinadonthe, mukhoza kumuphwanya n'kumugwiritsa ntchito ndi masamu omwewo.

Pa feteleza wosakaniza wa mibulu ya mitundu yosiyanasiyana, uja mumaona yoyera, yotuwa ndi yofiirira m'thumba limodzi, peresenti ya pathumba ndi ya thumba lonse pamodzi. Paulendo mibulu ing'onoing'ono imatsikira pansi ndipo ikuluikulu imatsala pamwamba. Mukatapa makilogalamu 10 pamwamba pokha simungatsimikize kuti mlingo wake ndi wolembedwawo. Khuthulani thumba lonse pa lona louma, musakanize bwino, kenako muyeze.

Za kuyeza ngati peresenti yolembedwayo ndi yoona, maso sangathe. Pali kayeso kamodzi kothandizako pa yureya: supuni yake ikaikidwa m'kapu ya madzi imasungunuka yonse ndipo kapuyo imazizira. Pansi pakatsala mchenga kapena timiyala, fetelezayo ndi wosakanizidwa ndi zina. Kayeso kameneka musakagwiritse ntchito pa CAN, chifukwa laimu wake sasungunuka ndipo amasiya matope oyera ngakhale feteleza ali weniweni. Nambala yeniyeni ya nayitrojeni ingatuluke ku labotale kokha.

Nayitrojeni wa m'thumba si yense amene amafika mu mbewu

Masamu athu akutiuza zimene zatuluka m'thumba, osati zimene mizu yamwa. Yureya akamwazidwa pamwamba pa nthaka yachinyezi n'kusiyidwa padzuwa osakwiriridwa, gawo lina la nayitrojeni limasanduka mpweya wa amoniya n'kuuluka, makamaka kukatentha ndiponso pa nthaka ya laimu wambiri. Pofuna kupewa zimenezi bayani kabowo pambali pa phando, masentimita angapo kuchokera pa phesi, thirani mibulu ndi kukwirira. Nayitrojeni wa mtundu wa nayitireti, amene ndi theka la wa mu CAN, mbewu imamutenga msanga koma amatsikanso msanga ndi madzi pa nthaka yamchenga mvula ikachuluka. Pa nthaka yotere n'kwanzeru kugawa makilogalamu 39 aja kawiri m'malo mothira onse tsiku limodzi. Kugawako sikusintha chiwerengero chonse, mumangodula pakati magalamu a pa phando.

Musaonjezere matumba mwa inu nokha poganiza zobwezera zotayikazi. Milingo imene alangizi amapereka inachokera ku minda yoyesera kumene kutayika kwina kunachitika kale, choncho inaganizira kale kuti si nayitrojeni yense amene amafika mu mbewu. Chofunika ndi kuthira m'njira yochepetsa kutayika, ndi kuyang'ana mbewu. Chimanga chosowa nayitrojeni chimayamba kuchita chikasu pa masamba akale a m'munsi, kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wa pakati mooneka ngati chilembo V, pamene masamba a pamwamba akadali obiriwirako. Mukaona chikasu pa masamba atsopano a pamwamba, ganizirani za salufa, ndipo kuonjezera yureya sikungathetse vutolo. Zizindikiro za nayitrojeni zikaoneka m'munda umene munathira mokwanira, bwererani ku kope lanu muone kukula kwa munda kumene munawerengera, peresenti ya pathumba limene munatsegula, ndi magalamu amene kachoyezera kanu kamanyamula, chifukwa nthawi zambiri cholakwika chimapezeka pa chimodzi mwa zitatuzi.